Sikiriputi yanga ikubwereza mizere ola lililonse, matani a mpunga achuluka kuposa omwe tili nawo

Mlembi_Lifuwu
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimasunga mabuku a gulu la alimi a mpunga kuno ku Salima. Alembi a m'madepoti amalemba zomwe agula pa shiti imodzi ya Google Sheets: depoti, nambala ya lisiti, tsiku, dzina la mlimi, mtundu wa mpunga ndi makilo. Ndinalemba sikiriputi ya Python yomwe imakopera shitiyo ngati CSV ola lililonse n'kuithira mu PostgreSQL pa kakompyuta ka mu ofesi. Mzere womwe ukugwira ntchitoyi ndi uwu:

```python
df.to_sql("zogula", engine, if_exists="append", index=False)
```

Shiti ili ndi mizere 1,840 koma tebulo ladutsa 40,000. Lipoti likuti tagula matani oposa 2,000 pomwe m'nyumba yosungiramo muli pafupifupi matani 110. Chomwe ndikufuna n'chakuti mzere watsopano uzilowa, wakale womwe mlembi wakonza uzisinthidwa, osati kubwerezedwa. Ndipange bwanji?

Usipa_Wouma
Matani 2,000? Tigulitseniko ena achimwene, kuno wadula.

Kondowole99
Zosavuta izi. Sinthani `append` akhale `replace`. Ola lililonse tebulo lizifufutidwa n'kulembedwanso. Ine ndimatero ku shopu kwathu ku Dwangwa, sindinaonepo vuto.

NaChipoka
Mu Excel muli batani la Remove Duplicates pansi pa Data. Dinani limenelo zithe.

Mlembi_Lifuwu
Zikomo achemwali, koma mu shiti mulibe kubwereza kotere. Kubwereza kukuchitika ku detabesi, chifukwa sikiriputi imathira shiti yonse pamwamba pa zomwe inathira ola lapitalo.

MwanaWaKuLinga
A Kondowole99, njira yanuyo imayenda pa tebulo lomwe lili lokhalokha. Koma dziwani kuti `replace` ya pandas sichotsa mizere yokha, imagwetsa tebulo lonse n'kumanga lina mongoganizira mitundu ya makolamu. Ma indekisi amapita, malamulo omwe munaika pa tebulo amapita, zilolezo za owerenga zimapitanso. Ndipo ngati pali tebulo lina kapena `VIEW` yodalira `zogula`, PostgreSQL ikana kuligwetsa, sikiriputi ifera pomwepo.

A Mlembi, chomwe mukufuna ndi apuseti, lamulo lolowetsa mzere ngati ndi watsopano n'kuusintha ngati ulimo kale. PostgreSQL ili nayo kuyambira pa 9.5 ya mu 2016, imalembedwa `INSERT ... ON CONFLICT ... DO UPDATE`. Koma tisanafike kolemba, ndiyankheni funso limodzi. Mukaona mizere iwiri, umodzi wa 9 koloko wina wa 10 koloko, mumadziwira chiyani kuti ndi kugula kumodzimodzi? Detabesi payokha siidziwa. Mukuyenera kuiuza kolamu yoti iziyang'ana, ndipo kolamuyo ikhale yosabwereza komanso yosasinthasintha.

Kondowole99
Nambala ya mzere wa pa shiti basi. Mzere 2, mzere 3, mzere 4, sizibwereza.

MwanaWaKuLinga
Sizibwereza, koma zimasuntha. Mlembi akangolowetsa mzere umodzi pakati, kapena kusanja shiti motsata mayina, mzere 300 wasanduka wa mlimi wina. Mawerengero onse akhoza kuonekabe bwino, koma chilichonse chomwe munachimangirira ku nambala 300, monga malipiro, chapita kwa munthu wolakwika.

Mayi_Akawunti
Dzina la mlimi ndi tsiku nazonso musayerekeze. Mudzi umodzi mupeza anthu atatu a dzina limodzi, ndipo mlimi mmodzi amatha kubweretsa matumba m'mawa, n'kubweranso madzulo ndi ngolo ina. Chomwe timakhulupirira ife a ndalama ndi lisiti.

Mlembi_Lifuwu
Ndiye nditenga lisiti. Ndayesa koma ikunditukwana:

```
there is no unique or exclusion constraint matching the ON CONFLICT specification
```

MwanaWaKuLinga
Ikunena kuti pa kolamu ya `lisiti` palibe lamulo loletsa kubwereza, ndiye ilibe poonera kuti mizere yawombana. Muyenera kuika `UNIQUE` kaye. Koma sikulolani kuika pa tebulo lodzadza kale ndi zobwereza. Poti choona chili pa shiti, tengani kope ndi `pg_dump`, kenako `TRUNCATE zogula`, ikani lamulolo, thiraninso mwatsopano. Mukatha muwerenge mizere mbali zonse ziwiri mutiuze.

Usipa_Wouma
Podikira, kodi mpunga watsopano ku Lifuwu wayamba kutuluka? Ndikufuna wa Faya thumba limodzi, Kilombero wa m'tauni ena akusakaniza.

NaChipoka
Pitani kumakina opunthira mukaone ndi maso, osati kugula wopakidwa kale. Fungo silinama.

Kondowole99
Faya ndi chambo chootcha ku Senga Bay, munthu uiwala detabesi.

Mlembi_Lifuwu
Tibwerere akulu. Kubwereza kwatha. Ndikuyendetsa mzere umodziumodzi ndi `for`, uliwonse `INSERT ... ON CONFLICT (lisiti) DO UPDATE`. Sikiriputi sikudandaula chilichonse. Koma shiti ili ndi 1,840, tebulo lili ndi 1,791. Mizere 49 yapita kuti? Makilo a depoti ya Lifuwu atsikanso.

Mayi_Akawunti
Mabuku a malisiti munasindikiza pamodzi, kapena depoti iliyonse inapeza ake?

Mlembi_Lifuwu
Ndafunsa. Depoti ya ku Chipoka yatsegulidwa posachedwa, anaipatsa buku lotsala lakale loyambira 0451 mpaka 0500. Manambala amenewo a ku Lifuwu anawagwiritsa kale ntchito kumayambiriro kwa nyengo.

MwanaWaKuLinga
Ndiye mwapeza wakuba. Tiyeni tiyende ndi lisiti imodzi, 0457. Tinene kuti ku Lifuwu inali ya makilo 62, ku Chipoka ya makilo 118. Sikiriputi ikuyamba pamwamba pa shiti, ikulowetsa 0457 ya Lifuwu bwinobwino. Ikufika pansi, ikupeza 0457 ina. Munaiuza kuti lisiti ikafanana ndi kugula kumodzi, ndiye ikumvera: ikufufuta Lifuwu ndi 62, ikulemba Chipoka ndi 118. Mlimi wa ku Lifuwu uja wasowa m'tebulo, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani.

Kwa ine ili ndiye vuto loopsa kuposa loyamba lija. Matani 2,000 aliyense amaona kuti ndi bodza. Koma makilo akaperewera pang'ono, anthu amayamba kukayikira wosunga makiyi a nyumba yosungiramo, pomwe wolakwa ndi kiyi ya pa tebulo.

Muone motere musanathire chilichonse:

```python
print(df[df.duplicated(["lisiti"], keep=False)].sort_values("lisiti"))
```

`keep=False` ikuonetsani mbali zonse za mizere yowombana, osati yachiwiri yokha.

Mlembi_Lifuwu
Zoona. Malisiti 46 akuwombana pakati pa Lifuwu ndi Chipoka. Atsala atatu a depoti imodzimodzi. Imodzi mlembi analemba kawiri, mizere yake ili kutali ndi inzake. Ziwirizo ndi zoti mlimi anabweretsa Faya ndi Kilombero pamodzi, analemberedwa lisiti imodzi koma pa shiti ndi mizere iwiri yotsatana, poti mitengo ndi yosiyana.

Ndaika kiyi ya `(depoti, lisiti)` ndipo ndasiya `for`, ndatenga `execute_values` ya psycopg2 kuti izifulumira. Tsopano yakananso:

```
ON CONFLICT DO UPDATE command cannot affect row a second time
```

Ndibwerere ku `for` kodi? Kumene kuja sinkakana.

Kondowole99
Ikani `drop_duplicates` musanathire, uthengawo uchoka.

MwanaWaKuLinga
Uchoka limodzi ndi Kilombero wa anthu. Ayi ndithu.

A Mlembi, musabwerere. Uthengawo wakuthandizani. PostgreSQL silola lamulo limodzi kusintha mzere womwewo kawiri, chifukwa sikudziwa kuti woona ndi uti. Mu `for` muja mzere uliwonse unali lamulo lapalokha, ndiye wachiwiri unkangopondereza woyamba mwakachetechete.

Koma musadalire uthengawu ngati mlonda. `execute_values` imadula mizere m'magulu a 100, gulu lililonse n'kukhala lamulo lake, pokhapokha mutasintha `page_size`. Mizere ya Faya ndi Kilombero yagwidwa chifukwa ndi yoyandikana, yagwera m'gulu limodzi. Lisiti yolembedwa kawiri ija, yomwe mizere yake yatalikirana, ingadutse osamveka. Choncho kufufuza zobwereza kuzichitika mu Python musanafike ku detabesi. Kiyi yanu ikhale depoti, lisiti ndi mtundu wa mpunga. Mizere iliyonse yomwe ikuwombanabe pa zitatuzi isalowe, muziilemba mu fayilo yapadera kuti munthu aione n'kuimbira mlembi.

```sql
INSERT INTO zogula (depoti, lisiti, mtundu, tsiku, mlimi, makilo)
VALUES %s
ON CONFLICT (depoti, lisiti, mtundu) DO UPDATE
SET tsiku = EXCLUDED.tsiku,
    mlimi = EXCLUDED.mlimi,
    makilo = EXCLUDED.makilo,
    yasinthidwa = now()
WHERE (zogula.tsiku, zogula.mlimi, zogula.makilo)
  IS DISTINCT FROM (EXCLUDED.tsiku, EXCLUDED.mlimi, EXCLUDED.makilo);
```

`yasinthidwa` ndi kolamu ya nthawi yomwe muyenera kuwonjezera kaye pa tebulo. `EXCLUDED` ndi mzere womwe wabwera kuchokera ku shiti uja unakanidwa kulowa. Gawo la `WHERE` likuti ngati palibe chomwe chasintha, usaukhudze. Popanda gawoli mizere yonse izilembedwanso ola lililonse, ndipo `yasinthidwa` izingoonetsa ola lapitali pa mzere uliwonse, simudzadziwanso kuti mlembi anakonza liti makilo.

Mayi_Akawunti
Muwonjezere chaka pa kiyiyo. Nyengo ya mawa mukasindikiza mabuku atsopano oyambiranso 0001, malisiti a chaka chino adzaponderezedwa chimodzimodzi ngati a Lifuwu aja. Ndipo buku lakale la ku Chipoka lichotsedweko, vuto limenelo si la kompyuta.

Batala_waBenga
Ndilowererepo ndi langa, mwina likhudza a Mlembi mawa. Ine ndimasunga za mafuta a maboti kuno ku Nkhotakota, ndimagwiritsa SQLite, nayo ili ndi `ON CONFLICT ... DO UPDATE` kuyambira 3.24 ya mu 2018. Apuseti inali m'malo, kiyi inali m'malo, koma tsiku lina mizere yonse inangowirikiza kawiri. Nditayang'ana m'tebulo ndinapeza vocha `457` ndi `457.0` zili pambali pa inzake.

Chinachitika n'chakuti mnyamata wina analemba mzere n'kusiya nambala ya vocha yopanda kanthu. pandas ikaona kolamu ya manambala yomwe ili ndi malo opanda kanthu, imaisandutsa yonse kukhala ya madesimo. Ola limenelo vocha iliyonse inabwera ndi `.0` kumapeto, ndipo poti kolamu yanga ndi ya malemba, detabesi inaziona ngati zatsopano zonse. Mankhwala ake ndi kuwerenga chilichonse ngati malemba, n'kusandutsa nokha makilo ndi tsiku:

```python
df = pd.read_csv(fayilo, dtype=str)
df["lisiti"] = df["lisiti"].str.strip().str.zfill(4)
df["depoti"] = df["depoti"].str.strip().str.lower()
```

`zfill(4)` ndi chifukwa shiti imadya ziro wa kutsogolo ngati kolamu sinaikidwe kuti ndi ya malemba, ndiye wina alemba 0457 iwoneka 457. Depoti nayo muiyeretse, chifukwa Lifuwu wokhala ndi mpata kumapeto ndi depoti ina kwa kompyuta. Chabwino koposa n'kuika kabokosi kosankhira mayina a madepoti pa shiti pomwepo kuti asamalembe pamanja.

Mlembi_Lifuwu
Nanga mzere wopanda lisiti uja umathera kuti?

Batala_waBenga
Umalowa ola lililonse ngati watsopano. Kwa detabesi `NULL` safanana ndi `NULL` mnzake, ndiye suwombana ndi china chilichonse. Mukaona mlimi mmodzi akuchulukana yekha m'tebulo pomwe anzake ali bwino, yang'anani kolamu ya kiyi, mupeza mulibe kanthu.

MwanaWaKuLinga
A Batala anena zoona. PostgreSQL 15 inabweretsa `NULLS NOT DISTINCT`, koma pa nkhani iyi ine sindingaigwiritse ntchito, chifukwa mizere iwiri yopanda lisiti izipondana. Ikani `NOT NULL` pa makolamu onse a kiyi, ndipo mzere wosakwanira uzipita ku fayilo ya zokanidwa ija. Kawirikawiri ndi mlembi yemwe anali pakati polemba pamene ola linakwana. Ola lotsatira ulowa wokha.

NaChipoka
Ine mafunso anga ndi a magetsi. Kuno amatha kuzima sikiriputi ili pakati. Sizisiya theka lalowa theka ayi?

Usipa_Wouma
Gulani sola achemwali, tonse tinagonja kalekale.

Kondowole99
Sola yake iti, batire yokha mtengo wake ngati njinga yamoto. Ine ndinaika pa laputopu yakale, batire yake imapirira kuposa kakompyuta ka pa desiki.

MwanaWaKuLinga
Laputopu yakale ndi nzeru yabwino. Koma funso la achemwali yankho lake ndi `commit` imodzi kumapeto, osati pa mzere uliwonse. Mukaika ntchito yonse mkati mwa `with conn:` ya psycopg2, ikafika kumapeto zonse zimasungidwa, ikafera panjira palibe chomwe chalowa. Ola lomwe kompyuta inali yozima `cron` salibwezera, koma palibe chotayika, chifukwa ulendo uliwonse mukuwerenga shiti yonse. Chomwe chimavuta ndi netiweki ikamakwawa, sikiriputi ya 9 koloko n'kukhala ikadakoka fayilo pamene ya 10 koloko ikuyamba. Tsekani chitseko motere:

```
0 * * * * flock -n /tmp/zogula.lock python3 /opt/lowetsa.py >> /opt/lowetsa.log 2>&1
```

Ndipo pokopera fayilo muike `timeout`, apo ayi imodzi ikakakamira izigwira loko tsiku lonse.

Mlembi_Lifuwu
Zayenda. Tebulo lili ndi 1,838, iwiri ya lisiti yolembedwa kawiri ili mu fayilo ya zokanidwa, makilo a depoti iliyonse akugwirizana ndi shiti ndikachotsa imeneyo. Mlembi wafufuta umodzi, ola lotsatira zakhala 1,839 mbali zonse.

Koma chatulukanso china. Mlembi wa ku Lifuwu analemba Faya pomwe unali Kilombero, ndipo wakonza pa shiti. M'tebulo muli mizere yonse iwiri tsopano, wa Faya wakale ndi wa Kilombero watsopano. Makilo 75 awerengedwa kawiri.

MwanaWaKuLinga
Apa ndiye pothera mphamvu ya apuseti. Imalowetsa ndi kusintha, siichotsa. Mtundu wa mpunga uli mu kiyi, ndiye kuukonza kuli ngati kufufuta mzere wakale n'kulemba wina, ndipo wakalewo palibe amene wauza detabesi kuti wapita. N'chimodzimodzi mlembi akakonza nambala ya lisiti kapena akafufuta mzere.

Njira yomwe ndimatsata ndi kuthira shiti yonse mu tebulo losakhalitsa, kupanga apuseti kuchokera m'menemo, kenako kufunsa kuti ndi mizere iti ili mu `zogula` koma mulibe mu shiti ya ola lino. Imeneyo ndimaiika chizindikiro, malipoti n'kumaidumpha. Mzere ukabwereranso pa shiti, chizindikirocho chichotsedwe.

Kondowole99
Mwaona tsopano? Mwazungulira mtunda wonse kuti mufike pomwe ndinanena. Fufutani zonse, thirani zatsopano, tebulo lizifanana ndi shiti nthawi zonse. Ngati vuto ndi kugwetsa tebulo, chabwino, `DELETE` kenako `INSERT` mkati mwa `commit` imodzi. Mizere 1,800 ndi yochepa kwambiri.

MwanaWaKuLinga
Pa kuchepa kwa mizere mwanena zoona, ndipo `DELETE` ndi `INSERT` pamodzi ndi yabwino kuposa `replace`. Ngati tebulo ndi longowerengera malipoti, sindingakutsutseni. Koma ganizani tsiku lomwe fayilo yabwera yoduka, kapena wina wafufuta theka la shiti mwangozi pa foni. Ola likakwana detabesi nayo yafufuta theka lomwelo. Njira iliyonse yomwe mwasankha, sikiriputi iziyerekeza ndi ulendo wapita: ngati mizere yatsika kwambiri, iime osakhudza kanthu.

Batala_waBenga
Zinandionekerapo zofanana. Wina anasintha chilolezo cha shiti, sikiriputi inakopera tsamba lopempha kulowa m'malo mwa CSV. Chiyambire pamenepo ndimayamba ndaona ngati mitu ya makolamu ndi yomwe ndikuyembekezera.

Mayi_Akawunti
Ine ndikutsutsana nanu nonse awiri pang'ono. Mukukamba ngati cholinga ndi chakuti detabesi izifanana ndi shiti. Kwa ine wa ndalama, chimenecho ndiye chondiopsa. Mlimi walipidwa pa makilo 62. Patapita sabata wina wasintha pa shiti kukhala 52. Apuseti yanu yamvera, 62 wafufutika, kwatsala `yasinthidwa` yongondiuza kuti china chake chinasintha, osandiuza kuti chinali chiyani. Makilo 10 amenewo ndikawafunsa kwa ndani?

Lisiti yolipidwa isamasinthidwe ndi sikiriputi. Ndipo alembi asamafufute mzere, azilemba kuti yathetsedwa mu kolamu yake, monga timachitira m'buku, kudula mzere koma tsamba osang'amba.

MwanaWaKuLinga
Mayi, zimenezo n'zotheka. Muika kolamu ya `yalipidwa BOOLEAN NOT NULL DEFAULT false` pa tebulo, ndipo pa `WHERE` paja muwonjezera `AND NOT zogula.yalipidwa`, mzere wolipidwa sukhudzidwanso. Koma dziwani kuti ukana mwakachetechete, ndiye shiti izinena 52, tebulo 62, mpaka wina atafananitsa. Pafunika sikiriputi izitulutsa mndandanda wa mizere yotere. Kapena muike `TRIGGER` yokopera mzere wakale ku tebulo la mbiri usanasinthidwe, kusintha kuziloledwa koma kuzisiya mapazi.

Mayi_Akawunti
Mapazi ndimawaona ndalama itapita kale. Ine ndikufuna chitseko.

Kondowole99
Google Sheets ili ndi mbiri ya zosintha kale, bwanji osangoyang'ana m'menemo?

Mayi_Akawunti
Alembi onse amalowa ndi akaunti imodzi m'malo ambiri omwe ndagwirako. Mbiriyo ikuuzani dzina la ofesi, osati la munthu.

Mlembi_Lifuwu
Kwathunso ndi akaunti imodzi. Za kutseka malisiti olipidwa sindingagamule ndekha, chifukwa nthawi zina sikelo imapezeka kuti inalakwa mlimi atalipidwa kale, ndipo komiti imalola kukonza. Ndikazitula kwa apampando Lachisanu. Pakadali pano ndiika tebulo la mbiri ndi chizindikiro cha mizere yosowa.

A MwanaWaKuLinga, mzere wa Faya uja ndiufufute pamanja kapena ndidikire chizindikiro?

MwanaWaKuLinga
Musaufufute, ndi woyesera wabwino. Mukamaliza kulemba gawo la mizere yosowa, ukhale wokhawo womwe wagwidwa. Ikagwira yambiri, kiyi ya mu tebulo losakhalitsa sinayeretsedwe mofanana ndi ya mu `zogula`, yambani mwayang'ana ziro wa kutsogolo.

NaChipoka
Nanga tsiku? Alembi athu ena amalemba 03/04, ena 4-3, wina analemba Lachiwiri basi.

Batala_waBenga
Limenelo tsegulani mutu wake achemwali, ndi lalitali. Koma yambani mwaona ngati shiti yanu ili pa dziko lomwe limayamba ndi tsiku osati mwezi, pa File kenako Settings.